Kusintha dzina pa akaunti ya kubanki mutalowa m'banja kapena mutasintha dzina mwalamulo: mafunso ndi mayankho

Banki simasintha dzina chifukwa choti mwini akaunti wanena. Imasintha ikaona mapepala olumikiza dzina lakale ndi latsopano, popanda mpata pakati. Pafupifupi mavuto onse amene anthu amakumana nawo pa nkhaniyi amachokera pa mpata umenewo, kapena pa kuyamba ndi banki pamene anayenera kuyamba ndi chiphaso. Mayankho ali m'munsimu akutsata mfundo imeneyi.

Kodi ndikakwatiwa ndiyenera kusintha dzina kubanki?

Ayi. Ukwati pawokha susintha chilichonse pa akaunti yanu, ndipo m'mayiko ambiri palibe lamulo lokakamiza mkazi kutenga dzina la mwamuna wake. Ngati chiphaso chanu, pasipoti yanu ndi mapepala a kuntchito zonse zikadali m'dzina lakwanu, isiyeni akauntiyo mmene ilili. Anthu angakutchuleni dzina la amuna anu tsiku ndi tsiku, banki ilibe nazo ntchito.

Kusintha kumafunika pamene chiphaso chasintha. Kuyambira tsiku limene mwalandira chiphaso cha dzina latsopano, chimene muli nacho m'manja sichikufanananso ndi zimene banki inalemba, ndipo tsiku lina wogwira ntchito pa kauntala adzakana kukupatsani ndalama zanu zomwe.

Ndiyambire kuti: kubanki kapena ku ofesi ya ziphaso?

Yambani ndi pepala limene likupatsani dzinalo, ndiye kuti setifiketi ya ukwati, chikalata chosinthira dzina kapena chigamulo cha khoti. Kenako pitani nalo ku ofesi yopereka ziphaso kuti akusinthireni chiphaso cha unzika kapena pasipoti. Banki ibwere pachitatu. Pomalizira penipeni dziwitsani onse amene amakutumizirani ndalama kapena kudula ndalama ku akaunti yanu: abwana kuntchito, a penshoni, a inshuwalansi, a misonkho.

Chifukwa chake n'chakuti banki imatsata chiphaso. Wogwira ntchito amene akulandireniyo amayenera kulemba dzina monga momwe lalembedwera pa chiphaso cha boma chokhala ndi chithunzi, chilembo ndi chilembo. Alipo mabanki amene amalola kusintha dzina ndi setifiketi ya ukwati pamodzi ndi chiphaso chakale, koma ife sitilangiza kuthamangira njira imeneyi. Mukatero mumatsala ndi akaunti ya dzina latsopano pamene chiphaso chili m'dzina lakale, ndipo ulendo uliwonse wopita kunthambi muzinyamulanso setifiketi ya ukwati. Choopsa china n'chakuti chiphaso chatsopano chikhoza kudzatuluka dzina litalembedwa mosiyana pang'ono ndi limene munapereka kubanki, ntchito n'kuyambiranso.

Pali chinthu chimodzi chofunika kusamala pa nthawi yodikira. Ofesi zina zimalanda chiphaso chakale kapena kuchiboola mukamafunsira chatsopano. Musanachipereke, chitani fotokope ya mbali zonse ziwiri, ndipo ngati n'kotheka mukaidinditse kwa loya kapena kwa munthu wovomerezeka kulumbiritsa anthu. Sungani lisiti imene apatseni. Ngati mukudziwa kuti pali ndalama zambiri zoti mutape pa kauntala m'masabata akubwerawo, tapani chiphaso chakale chikadali m'manja.

Antchito a kunthambi amandidziwa bwino. Mapepala onsewa ndi achiyani?

Amene amavomereza kusinthako kawirikawiri si amene amakudziwaniyo. Iye amangolandira mapepala n'kulowetsa pempho m'kompyuta, ndipo wina, mwina wa kulikulu, amaliona asanalivomereze. Wachiwiriyu sanakuonenipo. Zimene ali nazo ndi mapepala basi.

Mabanki a m'mayiko ambiri amatsata malangizo a bungwe la FATF, limene linakhazikitsidwa mu 1989 pofuna kulimbana ndi kubisa ndalama zopezeka mwachinyengo. Malangizowa amati banki izimudziwa bwino kasitomala wake, izionetsetsa kuti zimene inalemba za iye n'zolondola nthawi zonse, ndipo izisunga mapepala ake kwa zaka zosachepera 5 ubale utatha. Dzina likasintha, banki imalifufuzanso pa mindandanda ya anthu oletsedwa ngati mmene imachitira ndi kasitomala watsopano.

Komanso kukhwimitsaku kumateteza inu. Kusintha dzina, adiresi ndi nambala ya foni pa akaunti ya munthu wina ndi njira yodziwika imene akuba amagwiritsa ntchito polanda akaunti za eni. Banki imene ingasinthe dzina pongouzidwa pa foni si yoisungitsa ndalama.

Ndinyamule mapepala ati?

Mndandanda weniweni umasiyana banki ndi banki, choncho imbani kaye foni kapena funsani kunthambi. Koma nthawi zambiri pamafunika izi:

- pepala lopereka dzina latsopano, lenilenilo osati fotokope;
- chiphaso cha boma chokhala ndi chithunzi, cholembedwa dzina latsopano, ndipo chisanathe nthawi;
- chiphaso chakale kapena fotokope yake yodindidwa, ngati muli nayo;
- khadi la banki ndi buku la macheke, ngati mumagwiritsa ntchito macheke;
- fomu ya banki yosinthira zokhudza kasitomala, imene mumalemba komweko.

Ngati mwasamukanso, monga zimakhalira anthu akangokwatirana, tengani umboni wa kumene mukukhala tsopano. Mabanki ambiri amafuna pepala laposachedwa, losapitirira miyezi itatu. Apa pamakodwa anthu ambiri, chifukwa mabilu a panyumba amakhala m'dzina la mwamuna kapena la mkazi yekha. Funsani ngati angalandire bilu imeneyo pamodzi ndi setifiketi ya ukwati, kapena kalata yochokera kuntchito. Mabanki ena amafunanso zithunzi zing'onozing'ono ziwiri, ena amakujambulani okha.

Za mapepala enieni: banki imawaona, kuwajambula n'kukubwezerani nthawi yomweyo. Musasiye setifiketi yeniyeni ya ukwati kunthambi kuti mudzaitenge mawa. Ndipo musaimate pulasitiki, chifukwa maofesi ena amakana pepala lomatidwa poti sangathe kuona bwino chidindo ndi zizindikiro za m'pepalamo.

Ndili ndi setifiketi ya kutchalitchi, kapena ukwati wathu unali wa mwambo. Ailandira?

Zimatengera ngati pepalalo ndi lovomerezeka ndi boma la dziko limene munakwatirana. Pali mipingo ndi mizikiti imene ili ndi chilolezo chomangitsa maukwati m'malo mwa boma, ndipo setifiketi yake imakhala ya boma, yokhala ndi nambala ya m'kaundula. Palinso pepala lokongola limene abusa amapereka ngati chikumbutso cha tsikulo. Lachiwirili banki ikhoza kulikana ngakhale ukwatiwo ndi weniweni.

Kuti mudziwe, yang'anani zinthu zitatu: nambala ya kaundula, dzina la ofesi ya boma kapena lamulo limene ukwatiwo unamangidwira, ndi chidindo kapena siginecha ya wolemba maukwati. Zikasowa, pitani ku ofesi yolembetsa maukwati mukafunse mmene mungalembetsere. Ukwati wa mwambo ndi wovomerezeka m'mayiko ambiri, koma banki imafuna pepala, osati mboni. Kumene kulembetsa kuli kovuta, njira ina ndi kusiya za ukwati n'kusintha dzina kudzera m'chikalata chosinthira dzina, chimene sichifuna kuti mupereke umboni wa banja.

Kodi setifiketi ya ukwati imakwanira pa kusintha kulikonse?

Ayi, ndipo apa ndi pofunika kumvetsa bwino. Setifiketi ya ukwati imasonyeza mayina awiri: lanu musanalowe m'banja ndi la mnzanuyo. Imagwira ntchito ngati dzina latsopano likuoneka poyera kuti lachokera pa mayina awiriwa. Kutenga dzina la bambo la mnzanu m'malo mwa lanu ndi kosavuta. Kuphatikiza mayina onse awiri mabanki ambiri amalolanso, makamaka chiphaso chikakhala kuti chalembedwa kale choncho.

Setifiketiyo siingakuthandizeni ngati mukufuna kusintha dzina loyamba, kuchotsa dzina lapakati, kusintha kalembedwe, kapena kupanga dzina la banja latsopano limene palibe mmodzi wa inu anali nalo. Zoterezi zimafuna njira ya lamulo yosinthira dzina. M'mayiko ena njirayo ndi chikalata chimene mumasayina pamaso pa mboni kapena loya, cholengeza kuti mwasiya dzina lakale ndipo mwatenga latsopano. Kwina ndi chikalata cha lumbiro, kwina ndi chigamulo cha khoti, ndipo kwina kusinthako kumayenera kulengezedwa mu gazeti ya boma kapena m'nyuzipepala. Ngati kwanu amalengeza, sungani tsamba lonse looneka tsiku, osati kachidutswa kodula.

Mwamuna wotenga dzina la mkazi wake afunse kaye ku ofesi ya ziphaso. Malo ena amalola ndi setifiketi ya ukwati, ena amafuna chikalata chosinthira dzina.

Kukonza dzina limene banki inalakwitsa yokha polemba ndi nkhani ina. Pamenepo chiphaso chanu chokha chikwanira, ndipo simuyenera kulipira loya.

Mungapereke chitsanzo cha mmene mpata umabwerera?

Tiyerekeze mayi amene anatsekula akaunti ali mtsikana, m'dzina loti Chikondi Mary Banda. Anakwatiwa koyamba, n'kusintha chiphaso kukhala Chikondi Mary Phiri, koma kubanki sanapiteko, poti khadi linkagwira ntchito bwinobwino. Banja lija linatha. Patapita zaka wakwatiwanso, ndipo chiphaso chake chatsopano chalembedwa Chikondi Mwale. Setifiketi ya ukwati wachiwiri ikuti Chikondi Phiri wakwatiwa ndi bambo Mwale.

Iye akafika kunthambi ndi chiphaso chatsopano ndi setifiketi yachiwiriyo, amaona ngati zonse zakwana. Koma tiyang'ane monga mmene angayang'anire wa kulikulu uja. M'kompyuta muli Banda. Pa setifiketi pali Phiri kupita kwa Mwale. Palibe pepala lililonse pa tebulo limene likutchula Banda, choncho palibe chosonyeza kuti Phiri ameneyu ndi mwini akaunti ya Banda. Umenewo ndi mpata woyamba, ndipo umatsekedwa ndi setifiketi ya ukwati woyamba, imene ikusonyeza Banda kukwatiwa ndi Phiri. Ngati inatayika, ofesi imene inalemba ukwatiwo ikhoza kupereka kopi yovomerezeka yochokera m'kaundula. Mabanki ena adzafunanso chigamulo chothetsa ukwati woyambawo.

Mpata wachiwiri ndi dzina lapakati. Mary ali m'kompyuta ya banki koma pa chiphaso chatsopano palibe, ndipo palibe setifiketi ya ukwati imene ingafotokoze kusowa kwake. Ngati a ziphaso anangoliiwala, chiphasocho chikonzedwe asanapite kubanki. Ngati iye mwini anafuna kulisiya, pafunika chikalata cha lumbiro chonena kuti mayina onsewa ndi a munthu mmodzi, kapena chikalata chosinthira dzina, malinga ndi lamulo la dzikolo.

Chimene chimamuthandiza ndi zinthu zosasintha: tsiku lobadwa, nambala ya chiphaso ngati kwawo nambalayo imakhala imodzi moyo wonse, ndi siginecha yakale imene banki inasunga. Zitatuzi zikagwirizana, pempho limadutsa msanga. Tsiku lobadwa likasiyananso pakati pa mapepalawo, vutolo ndi lalikulu kuposa la dzina, ndipo liyenera kukonzedwa kaye ku ofesi imene inalakwitsa.

Musanapite kunthambi, yalani mapepala anu pa tebulo kuyambira dzina limene lili pa sitetimenti ya banki mpaka limene lili pa chiphaso. Dzina latsopano pa pepala lililonse likhale dzina lakale pa pepala lotsatira.

Kunthambi kumachitika zotani, ndipo zimatenga nthawi yaitali bwanji?

Mumapita nokha. Mwamuna kapena mkazi wanu sangakusinthireni dzina pa akaunti ya inu nokha, pokhapokha ali ndi chikalata cha loya chomupatsa mphamvu, chimene banki yachilandira. Mumalemba fomu, wogwira ntchito amaona mapepala enieni n'kuwajambula, ndipo mumasayina kawiri: siginecha yakale yotsimikizira kuti ndinu mwini akaunti, ndi yatsopano ngati mukuisintha. Pemphani kopi ya fomuyo yodindidwa tsiku, kapena nambala ya pempho lanu.

Mabanki ena amalola kutumiza zithunzi za mapepala kudzera pa apu ya pa foni, pamodzi ndi chithunzi cha nkhope yanu. Zimagwira ntchito pa nkhani yosavuta ngati kutenga dzina la mnzanu. Ikakhala nkhani ya mapepala angapo ngati ya pamwambapa, kupita kunthambi n'kwabwino, chifukwa mutha kufotokoza.

Kusintha m'kompyuta kumatha tsiku lomwelo kapena m'masiku ochepa ogwira ntchito. Chochedwa ndi khadi ndi buku la macheke, zimene zimasindikizidwa kwina ndipo zingatenge sabata imodzi kapena ziwiri. Kusintha dzinalo kawirikawiri kulibe malipiro, koma khadi latsopano ndi macheke atsopano akhoza kukulipiritsani, ndiye funsani musanasayine.

Nambala ya akaunti isintha? Nanga khadi?

Nambala ya akaunti siisintha. Ndalama, mbiri ya akaunti ndi malamulo amene munapatsa banki oti izilipira mwezi ndi mwezi zonse zimakhala mmene zinalili. Banki imasintha dzina pa mbiri ya kasitomala, ndipo maakaunti onse omangidwa pa mbiri imeneyo amatsatira. Koma ngati munatsekula maakaunti pa nthawi zosiyana kapena kunthambi zosiyana, zimachitika kuti banki ili ndi mbiri ziwiri za munthu mmodzi. Lembani nambala za maakaunti onse pa fomu, osaiwala akaunti yosungira ndalama kwa nthawi yoikika, ya ngongole ndi ya ndalama zakunja.

Khadi ndi nkhani ina. Lakale limapitiriza kugwira ntchito pa makina a ATM, chifukwa makinawo amayang'ana nambala ya khadi ndi nambala yachinsinsi, osati dzina. Latsopano limabwera ndi tsiku lothera latsopano ndi manambala atatu akumbuyo atsopano, ndipo nthawi zina nambala yonse ya khadi imasintha. Kulikonse kumene munasungitsa khadi lakale kuti azidula okha, monga pa intaneti, muyenera kulowetsa latsopano, apo ayi malipiro ayamba kukanika mwakachetechete. Funsani ngati lakale alitseka tsiku lomwelo kapena pokhapokha mutalandira latsopano. Akalitseka nthawi yomweyo, tapiranitu ndalama zokwanira masiku odikirawo.

Malo a dzina pa khadi ndi ochepa. Mzere wa maginito wa kumbuyo umalola zilembo zosapitirira 26, ndipo mabanki ambiri amasindikiza zochepera pamenepo. Dzina lophatikiza lalitali limafupikitsidwa, dzina loyamba n'kungotsala chilembo chimodzi. Zimenezi si vuto malinga m'kompyuta ya banki dzina lili lathunthu. Chimodzimodzinso zilembo zokhala ndi chizindikiro pamwamba monga ŵ, kapena kachizindikiro ka mu ng': makompyuta ambiri amazichotsa, ndipo ngakhale mizere iwiri ya pansi pa tsamba la pasipoti yowerengedwa ndi makina simakhala nazo.

Ngati muli ndi ulendo wakunja posachedwa ndipo pasipoti ikadali m'dzina lakale, ganizirani zodikira mubwerere. Mahotela ndi obwereketsa magalimoto amayerekeza dzina la pa khadi ndi la pa pasipoti.

Ndalama zotumizidwa m'dzina lakale zifika?

Za m'dziko momwemo kawirikawiri zimafika, chifukwa makina ambiri amatsata nambala ya akaunti. Koma musadalire zimenezi. M'mayiko ena banki ya wotumiza imayerekeza dzina ndi nambala ndalama zisananyamuke, ndipo wotumizayo amalandira chenjezo loti sizikugwirizana. Mabungwe olipira anthu ambiri nthawi imodzi, monga a penshoni, nawonso amatha kuimitsa malipiro akaona kusiyana.

Ndalama zochokera kunja ndiye zofunika kusamala kwambiri. Zikafika dzina likusiyana, banki yolandira ikhoza kuzigwira n'kufunsa banki yotumiza kuti ikonze, kapena kuzibweza. Zikabwerera zimafika zitachepa, chifukwa mabanki a pakati amadula malipiro awo, ndipo mtengo wosinthira ndalama umakhala utasintha. Uzani wotumizayo dzina latsopano monga momwe lalembedwera pa sitetimenti, ndipo muuzeni pokhapokha banki itatsimikiza kuti yasintha. Mukamuuza msanga, kusiyanako kumangotembenukira mbali ina.

Cheke cholembedwa dzina lakale mabanki ambiri amachilandira kwa kanthawi ngati anasunga dzinalo pa mbiri yanu, ena amafuna kuonanso setifiketi. Ngati muli nacho kale m'manja, chiikeni ku akaunti musanasinthe dzina. Kumbukirani kuti m'mayiko ambiri cheke chimatha mphamvu pakapita miyezi 6.

Za malipiro a kuntchito, sankhani nthawi. Pitani kubanki malipiro atangolowa, kuti pofika mapeto a mwezi onse awiri, banki ndi ofesi yolipira, akhale atalemba dzina limodzi.

Ndisinthenso siginecha?

Palibe chokukakamizani. Siginecha ndi chizindikiro chanu, siyenera kuwerengeka ngati dzina. Mukaisintha, ifanane ndi ya pa chiphaso chatsopano, ndipo iyesereni kunyumba mpaka dzanja lizolowere. Macheke amene munalemba kale ndi siginecha yakale koma sanafike kubanki akhoza kubwezedwa, choncho auzeni nambala zake kapena dikirani adutse.

Ndili ndi ngongole kubanki. Dzina likasintha chimachitika n'chiyani?

Ngongoleyo ikadali yanu, ndi chiwongoladzanja chomwecho ndi masiku obwezera omwewo. Mgwirizano umene munasayina m'dzina lakale umakumangani ndithu, chifukwa unali ndi munthu, osati ndi zilembo. Kumene kuli mabungwe osunga mbiri ya ngongole, iwo amalumikiza mayina awiriwa pogwiritsa ntchito nambala ya chiphaso ndi tsiku lobadwa. Patapita miyezi iwiri kapena itatu ndi bwino kupempha lipoti lanu, chifukwa kulumikizaku kukalephereka mumaoneka ngati munthu wopanda mbiri, ndipo mbiri yanu yabwino yobweza ngongole siikuthandizani pofunsira ina.

Ngati munapereka chikole monga nyumba kapena galimoto, mapepala a umwini ali ku ofesi ina, ndipo kusintha kwa kubanki sikuwakhudza. Funsani a ngongole ngati akufuna kuti nawonso asinthidwe. Inshuwalansi yomangidwa pa ngongole isaiwalike, poti kusiyana kwa mayina kumadzaonekera pa nthawi yovuta, pamene a pabanja akufunsira chipukuta misozi.

Kutenga dzina la mnzanu sikukupatsani ngongole zake za kubanki, ndipo sikumupatsa iye mphamvu pa akaunti yanu.

Nanga akaunti ya anthu awiri, ya mwana kapena ya bizinesi?

Pa akaunti ya anthu awiri, amene wasintha dzina ndiye amapereka mapepala, koma mabanki ena amafuna onse asayine fomu. Kuwonjezera mnzanu pa akaunti yanu ndi pempho losiyana, lokhala ndi fomu yake ndi zotsatira zake.

Mwana akasintha dzina, kholo kapena womulera mwalamulo amabweretsa setifiketi ya kubadwa yokonzedwa kapena chigamulo cha khoti. Ngati wasintha ndinu kholo losayinira, tchulani akaunti ya mwanayo pa fomu yanu.

Pa kampani, dzina la akaunti silisintha, poti kampani ndi yoima payokha. Chimasintha ndi mndandanda wa osayinira ndi wa eni ake. Banki idzafuna kalata ya kampani yosayinidwa ndi ovomerezeka, ndipo kawirikawiri imafuna kuti dzina la dairekitala likhale litasinthidwa kale ku ofesi yolembetsa makampani. Chimodzimodzinso ngati ndinu msungichuma wa gulu: dziwitsani banki ya gululo ngakhale inu mulibe akaunti kumeneko.

Banja latha, kapena mnzanga anamwalira. Ndingabwerere ku dzina lakwathu?

Inde, ndipo ndondomeko yake ndi yomweyo: chiphaso kaye, banki pambuyo. Pepala lolumikiza ndi chigamulo chomaliza chothetsa ukwati, osati choyamba chongoyembekezera, pamodzi ndi setifiketi ya ukwati kapena ya kubadwa yosonyeza dzina lakale. Chigamulo chokha nthawi zambiri chimangotchula dzina la m'banja, n'chifukwa chake pamafunika pepala lachiwiri. Wamasiye amapereka setifiketi ya imfa m'malo mwa chigamulo. Amene angopatukana khoti lisanagamule kawirikawiri amafunika chikalata chosinthira dzina. Ndipo palibe chokukakamizani kubwerera, ambiri amasunga dzina la m'banja kuti lifanane ndi la ana.

Ngati mukusintha dzina pothawa nkhanza, uzani banki mwachinsinsi. Pa akaunti ya anthu awiri mnzanuyo adzaona dzina latsopano pa sitetimenti, choncho tsekulani akaunti yanuyanu ndipo onetsetsani kuti makalata ndi mauthenga a banki sakupitanso ku adiresi kapena nambala ya foni imene iye angafikire.

Ndinakwatirana kunja, kapena ndikukhala kunja. Ndichite bwanji?

Setifiketi ya dziko lina imafuna umboni woti ndi yeniyeni. Pakati pa mayiko amene analowa m'pangano la ku Hague la 1961, umboniwo ndi chidindo chotchedwa apostille, chimene chimaperekedwa ndi dziko limene linatulutsa setifiketiyo. Kwa mayiko ena, pepalalo limadutsa ku unduna woona za ubale ndi mayiko akunja ndi ku ofesi ya kazembe. Ngati lili m'chinenero chimene banki siigwiritsa ntchito, pafunika kumasulira kochitidwa ndi womasulira wovomerezeka, osati ndi inu eni.

Wokhala kunja angatumize makope odindidwa ndi loya wovomerezeka kapena ofesi ya kazembe. Funsani kaye banki mawu enieni amene ikufuna pa chidindocho. Kopi imakanidwa kawirikawiri chifukwa wodindayo sanalembe tsiku, udindo wake, kapena mawu oti waona pepala lenileni.

Ndidziwa bwanji kuti zatheka?

Musadalire khadi lokha. Tulutsani sitetimenti yatsopano muwerenge dzina chilembo ndi chilembo mukuyerekeza ndi chiphaso. Onani pa apu ngati maakaunti onse asintha. Pemphani munthu wa banki ina ayambe kukutumizirani ndalama pang'ono, aone dzina limene lituluke pa foni pake. Ngati akaunti yanu ndi yolumikizidwa ku chikwama cha ndalama cha pa foni, dzina la kumeneko limachokera ku kampani ya foni, ndipo mukasinthenso kumeneko, chifukwa kusiyana kwa mayina kungaimitse kusamutsa ndalama pakati pa ziwirizi.

Masitetimenti akale amatsala m'dzina lakale. Mukadzafuna kusonyeza mbiri ya miyezi 6 pofunsira viza kapena ngongole, pemphani banki kalata yotsimikiza kuti mayina awiriwa ndi a mwini akaunti mmodzi.

Pa masiku odikirawa chenjerani ndi foni yonena kuti ikuchokera kubanki, yopempha nambala yachinsinsi kapena nambala yobwera pa uthenga kuti amalize kusintha dzina. Musapereke chilichonse mwa ziwirizi pa foni yotere.

Banki yakana mapepala anga. Nditani?

Funsani kuti akana pepala liti ndipo n'chifukwa chiyani, ndipo pemphani kuti akulembereni. Zifukwa zake zimakhala zomwezomwezi: fotokope yosadindidwa, chiphaso chotha nthawi, setifiketi yosalembetsedwa ku boma, chilembo chosiyana pakati pa mapepala awiri, kapena mpata ngati wa mayi wa m'chitsanzo uja. Chilichonse chili ndi ofesi imene ingachikonze, ndipo ndi ofesi imene inatulutsa pepalalo, osati banki. Musafufute kapena kukonza nokha ndi cholembera, chifukwa pepala lokhudzidwa limakanidwa kulikonse.

Ngati mapepala ndi okwanira koma pempho langokhala, lembani dandaulo kwa mkulu wa nthambi, mutchule tsiku ndi nambala ya pempho, ndipo sungani kopi yodindidwa. Banki ikapanda kuyankha m'nthawi imene yokha inalonjeza, dandaulolo lipite ku bungwe loyang'anira mabanki kapena ku ofesi yomva madandaulo a makasitomala m'dziko lanu, mutaphatikiza kopi ya fomu ija ndi yankho lililonse limene munalandira.